Kupeka Dzina Lachidule la Kafukufuku Losanamiza Anthu

Kafukufuku aliyense amakhala ndi mutu wake wautali umene umalembedwa pa zikalata zopemphera ndalama ndi chilolezo. Mutu wotere umatha kudzaza mizere itatu, ndipo palibe munthu amene angautchule wonse pamsonkhano wa kwa mfumu kapena pa wailesi. Nchifukwa chake akatswiri amapeka dzina lachidule. Dzinali ndilo limalembedwa pa galimoto, pa malaya a ogwira ntchito ndiponso pamwamba pa kalata imene mayi amasainira povomera kuti mwana wake alowe m'kafukufuku. Ntchito ikatha, anthu amaiwala mutu wautali uja koma dzina lachidule limatsala m'kamwa mwawo.

Zidule zilipo za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wotchula lembo lililonse palokha, monga MBC. Mtundu wachiwiri ndi umene malembo ake amawerengeka pamodzi ngati liwu limodzi, monga ADMARC ndi MASAF. Nkhani ino ikunena za mtundu wachiwiriwu, chifukwa ndiwo umene ofufuza amaukonda ndipo ndiwonso umene ungathe kunama. Chidule chikangomveka ngati liwu, chimayamba kunyamula tanthauzo la liwulo, kaya eni ake afune kapena asafune.

Kuti dzina lokoma limathandiza, zimenezo nzosachita kufunsa. M'chaka cha 2006, akatswiri atatu a ku Toronto, Stanbrook, Austin ndi Redelmeier, anasanthula malipoti 173 a kafukufuku wa zachipatala. Iwo anapeza kuti kafukufuku wokhala ndi dzina lachidule ankatchulidwa m'zolemba za akatswiri ena mowirikiza kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi wopanda dzina lotere, ngakhale kuti zotsatira zake sizinali zokondweretsa kuposa za anzake. Phindu limeneli ndilo limakopa ofufuza kuti ayambe asankha liwu lokongola, kenaka nkumakakamiza mutu wa ntchito yawo kuti ukwane m'malembo a liwulo. Apa mpamene bodza limalowera.

Dzina lolonjeza

Kafukufuku ndi funso. Pamene dzina likupekedwa, yankho la funsolo limakhala lisanadziwike, ndipo likadadziwika sipakadafunika kafukufuku. Choncho dzina loona liyenera kutchula chimene chikufufuzidwa, osati chimene ofufuza akulakalaka kupeza.

Chitsanzo chodziwika bwino cha dzina limene linatsogola yankho lisanabwere ndi PROMISE, kafukufuku amene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 1991. M'Chingerezi liwuli limatanthauza lonjezo. Mutu wake wonse unali Prospective Randomized Milrinone Survival Evaluation, ndipo mutuwu unalibe cholakwika: unkangonena kuti ayesa ngati mankhwala a milirinoni amatalikitsa moyo wa odwala. Odwala 1,088 amene mtima wawo unali wofooka kwambiri anagawidwa mwamaere m'magulu awiri. Gulu lina linkamwa mankhwalawo, lina linkamwa mapiritsi ooneka chimodzimodzi koma opanda mankhwala. Mapeto ake, imfa m'gulu lomwa milirinoni zinachuluka ndi 28 pa 100 alionse kuyerekeza ndi gulu linalo. Ntchitoyo inali yolongosoka ndipo inachenjeza madokotala za mankhwala oopsa, koma dzina lake linasanduka chitonzo.

Phunziro lalikulu kwa mkonzi nlakuti dzina lachidule lili ndi nkhope ziwiri, ndipo zonse ziyenera kuyesedwa paderapadera. Nkhope yoyamba ndi mawu amene malembowo akuimira. Yachiwiri ndi liwu latsopano limene labadwa. Pa PROMISE, nkhope yoyamba inali yoona koma yachiwiri inali yonyenga. Wodwala amene akufunsidwa ngati angalowe m'kafukufuku wotchedwa "Lonjezo" kapena "Chiyembekezo" amakhala atauzidwa kale kanthu dokotala asanatsegule pakamwa. Kalata ya chilolezo ingathe kunena momveka kuti palibe amene akudziwa ngati mankhwalawo athandiza, koma liwu limodzi lolembedwa ndi malembo akuluakulu pamwamba pake likutsutsa zonsezo.

Liwu lobadwalo lingathenso kusokoneza popanda kulonjeza chilichonse. Ku Lilongwe kunachitika kafukufuku wotchedwa BAN, kuchokera ku mawu akuti Breastfeeding, Antiretrovirals and Nutrition, amene zotsatira zake zazikulu zinatuluka mu 2010. Amayi 2,369 okhala ndi kachirombo ka HIV pamodzi ndi makanda awo anatenga nawo mbali. Cholinga chinali kuona ngati kupatsa mayi kapena khanda mankhwala kungachepetse kufala kwa kachiromboko pa nthawi yoyamwitsa. Malembo atatuwo akutchula ntchitoyo moona, lembo lililonse likuimira gawo lenileni la ntchito. Komabe m'Chingerezi liwu lobadwalo limatanthauza kuletsa, ndipo likaikidwa pafupi ndi nkhani ya kuyamwitsa, munthu wongomva dzina angaganize zosemphana ndi cholinga chenichenicho.

Dzina limene linapirira

Kafukufuku wa CAPS, amene anachitika m'maboma a Chikwawa ndi Karonga, akusonyeza mmene dzina losadzikweza limakhalira. Mutu wake unali Cooking And Pneumonia Study, ndiko kuti kafukufuku wa kaphikidwe ndi chibayo. Anthu ambiri ankayembekezera kuti mabanja akasiya kuphika pa mafuwa nayamba kugwiritsa ntchito mbaula zotulutsa utsi wochepa, chibayo cha ana chichepa. Ofufuza anagawa madera 150 mwamaere. M'madera ena banja lililonse linalandira mbaula ziwiri zoyakira nkhuni, zokhala ndi chokupizira mphepo choyendera mphamvu ya dzuwa, pamene m'madera ena mabanja anapitiriza kuphika monga mwa nthawi zonse. Ana 10,750 osakwana zaka zisanu analembedwa, ndipo ankatsatidwa mpaka zaka ziwiri.

Zotsatira zinafalitsidwa m'magazini ya The Lancet kumayambiriro kwa 2017. Panalibe kusiyana. Pa ana 100 alionse, chibayo chinkapezeka pafupifupi ka 16 pa chaka m'magulu onse awiri. Chikhala kuti ntchitoyi inatchedwa dzina lonena za kugonjetsa chibayo kapena kupulumutsa ana, eni ake akadavutika kulitchula pambuyo pake. Koma dzinali linali ndi mayina awiri okha, kaphikidwe ndi chibayo, olumikizidwa ndi mlumikizi wakuti "ndi". Mlumikizi ameneyu sanena kuti china chimayambitsa chinzake kapena kuti china chimachiza chinzake. Amangoziika pamodzi kuti zionedwe. Dzina lotere limakhalabe loona, yankho likhale inde kapena ayi.

Pamenepa pali muyeso wosavuta umene wolemba aliyense angaugwiritse ntchito. Alembe chiganizo chonena kuti kafukufuku wakuti wapeza kuti njirayi siyithandiza, naikamo dzina limene akuliganizira. Chiganizocho chikamveka choseketsa kapena chochititsa manyazi, ndiye kuti dzinalo lanena zambiri. Kawirikawiri mlandu umapezeka pa mneni. Aneni onga kuchepetsa, kuthetsa, kuteteza ndi kupulumutsa amanena zotsatira, pamene aneni onga kuyesa, kuyerekeza ndi kufufuza amanena ntchito.

Izi sizitanthauza kuti CAPS linali dzina lopanda banga. Liwu lakuti kaphikidwe nlotambalala kuposa ntchito imene inachitika. Chimene chinayesedwa ndi mtundu umodzi wa mbaula, m'midzi momwe ana amapumanso utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zotenthedwa ndi wa nyumba zoyandikana, ndipo mbaulazo zinkawonongeka kawirikawiri nkumafunika kukonzedwa. Munthu wongomva dzina ndi zotsatira angathe kuganiza kuti utsi wa kukhitchini sukhudzana ndi chibayo, chimene kafukufukuyu sananene. Dzinali silitchulanso ana. Dzina lalifupi silingathe kunyamula zonse, koma mkonzi ayenera kudziwa zimene zatayika kuti azibwezeretse m'chiganizo chotsatira.

Kuyesa kupeka dzina m'Chichewa

Kafukufuku yemweyu angathandize kusonyeza mavuto amene amabuka dzina likamapekedwa m'Chichewa. Mayina amene ali m'munsimu sanagwiritsidwepo ntchito ndi eni kafukufukuyo. Aikidwa pano pofuna kuphunzitsa basi.

Ntchito imayamba ndi chiganizo chimodzi chonena zoona zokhazokha, chidule chisanaganiziridwe nkomwe: kuyerekeza kuchuluka kwa chibayo pakati pa ana aang'ono a m'mabanja olandira mbaula zatsopano ndi a m'mabanja ophika pa mafuwa. M'chiganizochi mawu osenza nkhani ndi atatu: mbaula, chibayo ndi ana. Dzina lililonse limene lingapekedwe liyenera kuyesedwa poona kuti mwa mawu atatuwa latenga angati ndiponso lawonjezera chiyani chimene mulibe.

Munthu wokonda mawu okoma angafulumire kupeka dzina lakuti PUMA, kuimira "Pochepetsa Utsi M'makhitchini Athu". Kunena zoona, dzinali nlokoma. Lili ndi maphatikizo awiri, limatchulika mosavuta, ndipo kupuma ndiko kumene mwana wodwala chibayo amavutika nako. Komatu likayesedwa limagwa katatu. Mwa mawu atatu aja silinatenge ngakhale limodzi, kotero limamveka ngati dzina la chitukuko chogawa katundu, osati la kafukufuku wa matenda. Mneni wakuti kuchepetsa akunena ngati kuti nkhaniyo yatha kale. Ndipo Puma ndi dzina la kampani yogulitsa mafuta agalimoto imene malo ake amaoneka m'misewu ya dziko lino, mwakuti anthu angaganize kuti kampaniyo ndiyo ikupereka mbaulazo. Mfundo yakuti ndani akulipira kafukufuku si yaing'ono kwa munthu amene akufuna kusankha ngati alowemo.

Njira yachiwiri ndi kumasulira mutu wa Chingerezi uja nkutenga malembo oyamba. "Kafukufuku wa Kaphikidwe ndi Chibayo" amapereka KKC, ndipo pano mpamene kapangidwe ka Chichewa kamaonekera. Pafupifupi phatikizo lililonse la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, ndipo mayina ambiri amayamba ndi lembo lopanda liwu, makamaka m, ch, k ndi z, chifukwa cha magulu a mayina. Choncho kutola lembo loyamba la liwu lililonse kumabala mulu wa malembo opanda liwu umene lilime silingaunyamule. M'Chingerezi mawu ambiri ofunika amayamba ndi a, e, i kapena o, nchifukwa chake njirayi imawayendera. M'Chichewa njira yoyenera ndi kutola phatikizo lonse loyamba, osati lembo limodzi.

Pali chifukwa chinanso cha kalembedwe. Malembo ena a Chichewa amayenda awiriawiri poimira liwu limodzi, monga ch, ph, th, kh ndi ny. Kudula h pa ph nkusintha liwu, monga mmene kuponya kumasiyanirana ndi kuphonya. Lembo la c nalonso m'kalembedwe ka ku Malawi silikhala lokha popanda h, pamene ku Zambia amalemba kuti cibayo ndi Cinyanja. Kotero C amene ali mu KKC ndi theka chabe la lembo kwa wowerenga wa ku Malawi. Kutola phatikizo lonse kumapewa zonsezi.

Phatikizo loyamba la kaphikidwe ndi la chibayo amapanga KACHI. Liwu lakuti kafukufuku lasiyidwa dala, popeza m'chiganizo lidzatchulidwa ndithu, ndipo kulibwerezanso m'chidule nkungotaya malo. KACHI ndi lalifupi ndiponso silinama. Koma khutu la Mmalawi likamva ka-chi- limayembekezera kuti liwulo lipitirire, ndipo liwu limene lili pafupi kwambiri ndi kachirombo. Ogwira ntchito ovala malaya olembedwa KACHI akamalowa m'nyumba zina nkumalumpha zina, mudzi sungachedwe kupeka nkhani yake, ndipo mabanja ochezeredwawo ndi amene angavutike ndi mphekeserazo. Vuto lotere silioneka pa pepala. Limamveka pokhapokha dzinalo litatchulidwa mokweza pamaso pa anthu osadziwa ntchitoyo.

Njira yachitatu ndi kubwerera ku mawu atatu aja. "Mbaula ndi Chibayo" amapereka MBACHI. Dzinali lilibe kukoma kwa PUMA, ndipo poyamba limamveka lachilendo. Koma kuchilendoko ndiko mphamvu yake, chifukwa silibwera ndi katundu wa tanthauzo lina, ndipo aliyense wolimva amafunsa kuti likuimira chiyani. Yankho lake ndi mawu awiri amene ndi ntchito yeniyeniyo. Pa mfundo imodzi likuposa dzina la Chingerezi lija, popeza likutchula mbaula, chinthu chimene chinayesedwadi, m'malo mwa kaphikidwe konse. Zofooka zake ziliponso. Ana sanatchulidwe, ndipo kwa anthu ambiri mbaula ndi ya makala, pamene izi zinali za nkhuni. Zimenezi zingakonzedwe ndi mutu wonse wolembedwa pansi pa chidulecho.

Muyeso wotsiriza ndi wa ziyankhulo zina. Kafukufuku wochitika ku Chikwawa ndi ku Karonga amakumana ndi anthu oyankhula Chisena, Chimang'anja, Chitumbuka ndi Chinkhonde. Liwu lopanda tanthauzo m'Chichewa lingathe kukhala chipongwe, dzina la fuko kapena la chipani kwa ena. Dzina lisanadindidwe pa malaya ndi pa makalata, liyenera kutchulidwa kwa eni ziyankhulozo, amuna ndi akazi omwe, nkuwafunsa chinthu chimodzi chokha: mukamva liwu ili mukuganiza kuti anthu amenewa abwera kudzachita chiyani?

Mayina ofanana

Malembo alipo ochepa ndipo ofufuza ndi ambiri. Mu 2020, Barnett ndi Doubleday anawerenga zidule zopezeka m'zolemba zasayansi zoposa 24 miliyoni, kuyambira 1950 mpaka 2019. Anapeza zidule zosiyanasiyana zoposa miliyoni imodzi, ndipo pafupifupi 79 pa 100 zilizonse zinangooneka kosakwana kakhumi. Zidule zambiri zimabadwa nkufa osadziwika, pamene mawu ochepa okoma amalimbiranidwa. CAPS linali kale dzina la kafukufuku wa matenda a mtima amene anachitika ku Amereka m'zaka za m'ma 1980, ndipo okonda mpira amalidziwa ngati dzina la timu ya ku Harare. PROMISE nalonso linagwiritsidwanso ntchito pa kafukufuku wina wa amayi ndi makanda wokhudza HIV, amene mbali yake ina inachitikira ku Malawi. Ngakhale akatswiri atatu a ku Toronto aja, mwanthabwala, anatcha ntchito yawo ART, malembo amene ogwira ntchito zachipatala kuno amawadziwa kuti amanena za mankhwala otalikitsa moyo.

Kufanana kwa mayina sikungapeweke kotheratu. Chofunika nchakuti mayina awiri ofanana asakumane m'munda umodzi. Kafukufuku wa mtima wa m'zaka za m'ma 1980 sangasokonezedwe ndi wa mbaula, koma kafukufuku awiri a amayi oyembekezera okhala ndi dzina limodzi angasokoneze ngakhale madokotala. Kufufuza m'makaundula a kafukufuku wa zachipatala, monga ISRCTN, ClinicalTrials.gov ndi Pan African Clinical Trials Registry, kumatenga mphindi zochepa.

Kalembedwe kake m'nkhani ya Chichewa

Funso limene akonzi amakumana nalo kawirikawiri nlakuti kodi chidule cha Chingerezi chilembedwe monga mmene chimatchulidwira. Liwu lakuti Edzi limaoneka ngati likuloleza zimenezi, popeza linachokera ku chidule cha Chingerezi nkulandiridwa ngati liwu la Chichewa. Koma Edzi ndi dzina la matenda limene mtundu wonse umaligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Dzina la kafukufuku ndi chizindikiro cholozera ku zikalata. Anthu akhoza kutchula kuti "Kapusi", koma mkonzi akalemba choncho, wowerenga wofuna lipoti lenilenilo sadzalipeza. Choncho chidule chotere chisiyidwe m'malembo ake akuluakulu, popanda mipumiro pakati.

Pamene chatchulidwa koyamba, tanthauzo lake lifotokozedwe m'Chichewa nthawi yomweyo, ndipo womasulira asamale kuti asawonjezere lonjezo limene eni ake analipewa. Kulemba kuti CAPS anali "kafukufuku wothana ndi chibayo kudzera m'mbaula zamakono" nkubwezeretsa mneni wonena zotsatira uja, ndiponso liwu lakuti zamakono likuyamikira chinthu chimene chinali chikuyesedwa kumene. Kumasulira koona ndi "kafukufuku wa kaphikidwe ndi chibayo".

Nkhani ya mgwirizano wa mawu imathetsedwa ndi dzina limene chidulecho chatsamira. Popeza chidule sichikhala m'gulu lililonse la mayina, chimabwereka gulu la liwu lochitsogolera. Nchifukwa chake amalemba kuti "kafukufuku wa CAPS anapeza", "ntchito ya CAPS inatha", "gulu la CAPS linafika". Mlozi asamatidwe pa chidule chenichenicho. M'malo molemba CAPS-yu, wolemba abwerere ku dzina lotsogolera lija nalemba kuti kafukufukuyu.